SOUTH AFRICA: Foni Ikafunsa PUK, Musalote Nambala

CAPE TOWN — Uthenga wake ndi waufupi, mawu awiri okha achingerezi akuti "Enter PUK", koma kwa munthu wa ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique amene akugwira ntchito mumzinda uno, mawuwa angatanthauze kutayika kwa nambala imene abwana, abale akumudzi ndiponso banki amamudziwira. Simukhadi imene yafika pamenepa imakhala isanawonongeke. Chimaiwononga ndi zimene mwini wake amachita m'mphindi zotsatira, akayamba kulota manambala.

Simukhadi iliyonse ili ndi maloko awiri. Loyamba ndi PIN, nambala yachinsinsi ya manambala 4 mpaka 8, imene foni imafunsa ikangoyatsidwa ngati mwini wake anatchera lokoli. Munthu akailakwitsa katatu motsatizana, khadiyo imadzitseka n'kuyamba kufunsa PUK, yomwe ndi nambala ina ya manambala 8. Pa PUK munthu amapatsidwa mpata woyesa maulendo 10. Akalakwitsa ulendo wachikhumi, khadiyo imafa kotheratu, ndipo ngakhale kampani imene inaigulitsa singaidzutse.

Chowerengera chili m'khadi momwemo

Ambiri amaganiza kuti foni ndi imene yatseka, kapena kuti kampani yadula nambala yawo. Zonsezi si zoona. Kachitsulo kagolide kamene kali pa simukhadi kamabisa kakompyuta kakang'ono, ndipo kakompyutako ndi kamene kamasunga PIN ndi PUK, n'kumawerenganso maulendo amene munthu walakwitsa. Foni imangopereka zimene mwalemba kwa khadiyo, kenako n'kukuuzani yankho lake.

N'chifukwa chake kuzimitsa foni, kuchotsa batire, kudikira mpaka mawa kapena kuika khadiyo m'foni ya mnzanu sikuthandiza. Ngati mwalakwitsa PUK kanayi, khadiyo imakumbukirabe kuti kwatsala maulendo 6, kulikonse kumene mungaiike. Kufufuta zonse za m'foni kuti ibwerere mmene inalili pogulidwa n'koipa kwambiri, chifukwa mumataya zithunzi ndi mauthenga anu koma loko n'kukhala lili pomwepo.

Kulota nakonso n'kutaya mpata pachabe. Manambala 8 angathe kusanjidwa m'njira 100 miliyoni, choncho mwayi wolondola pa maulendo 10 ndi umodzi pa 10 miliyoni. PUK siichokera pa nambala ya foni, pa tsiku lobadwa la mwini wake kapena pa manambala olembedwa pakhadi. Palibe katswiri wokonza mafoni, kaya pa siteshoni ya sitima m'tauni, ku Bellville kapena ku Wynberg, amene angaiwerengetsere. Amene akulonjeza kutero angakuthereni mipata imene yatsala.

Malo awiri kumene PUK imapezeka

Malo oyamba ndi kapulasitiki kofanana ndi khadi ya kubanki, kamene munathyolapo simukhadi tsiku logula. Nthawi zambiri PIN yoyambirira ndi PUK zimalembedwa pamenepo, mwina pansi pa utoto wopala ndi ndalama yachitsulo. Musanagwiritse ntchito nambalayo, tsimikizani kuti kapulasitikiko n'ka khadi yomweyo. M'nyumba imene mukukhala anthu angapo, timapulasitikiti timasokonekera mosavuta. Yerekezerani nambala yaitali, ya manambala 19 kapena 20, imene ili pa kapulasitiki ndi imene ili pa simukhadi. Makhadi a ku South Africa nambalayi imayamba ndi 8927. Ngati munasinthitsapo khadi koma n'kusunga nambala ya foni yomweyo, PUK ya pa kapulasitiki kakale inatha ntchito.

Malo achiwiri ndi kampani yomwe. Pogwiritsa ntchito foni ina, makasitomala a Vodacom amaimba 082 135, a MTN 083 135, a Cell C 084 135, ndipo a Telkom 081 180. Angathenso kupita kusitolo ya kampaniyo atatenga chiphaso kapena pasipoti. Chiyambire 2006, anthu m'dziko muno amaloledwa kusamukira kukampani ina osasintha nambala, choncho imbirani kampani imene mukuigwiritsa ntchito panopa, osati imene manambala oyambirira akusonyeza.

Amene anabwera ndi khadi ya kwawo, monga ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi, adziwe kuti sitolo ya ku Cape Town ilibe PUK yake. Ayenera kulumikizana ndi kampani yakwawoko. Akaipeza, khadiyo imatseguka konkuno, chifukwa kutsegulako kumachitika m'khadi momwemo ndipo sikulira netiweki.

Vuto la khadi yolembetsedwa m'dzina la wina

Apa m'pamene alendo ambiri amakodwa. Kampani siipereka PUK kwa aliyense woimba foni. Imayamba yafunsa mafunso otsimikizira kuti woimbayo ndi mwini nambala: dzina, nambala ya chiphaso kapena pasipoti, ndipo nthawi zina mayunitsi amene anagula komaliza kapena manambala amene amawaimbira kawirikawiri. Popanda mafunsowa, wakuba foni akanangoimba n'kupatsidwa kiyi.

Lamulo lodziwika ndi dzina loti RICA, lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso kapena pasipoti pamodzi ndi umboni wa kumene munthu amakhala. Kalemberayu anayamba mu July 2009, ndipo makhadi akale anapatsidwa mpaka pa 30 June 2011. Ku Malawi bungwe la MACRA linachititsa kalembera wotere mu 2018.

Komabe munthu wongofika kumene, amene akugona m'kachipinda ka mbale wake ku Dunoon kapena ku Imizamo Yethu, kawirikawiri amakhala alibe pepala losonyeza kumene amakhala. Ena amapempha mnzawo kuti awalembetsere, ena amagula pamsewu khadi yolembetsedwa kale m'dzina la munthu amene sanamuonepo. Khadiyo imagwira ntchito bwinobwino kwa zaka, mpaka tsiku limene yafunsa PUK. Pamenepo mwini foni amazindikira kuti m'mabuku a kampani nambalayo si yake.

Ngati wolembetsayo mukumudziwa, njira yachilungamo ndi kupita naye limodzi kusitolo, atatenga chiphaso chake, n'kupempha PUK komanso kuti nambalayo isamutsidwire m'dzina lanu. Ngati simukumudziwa ndipo kapulasitiki kanatayika, kampani ingathe kukana kukuthandizani, ndipo nambalayo ingatayike.

Chitsanzo cha katsegulidwe

Tiyerekeze kuti mayi wina wogwira ntchito zam'nyumba ku Hout Bay foni yake yazima usiku batire litatha. M'mawa akuiyatsa, ndipo ikufunsa PIN imene sanailembe kwa miyezi yambiri. Akulemba nambala yotsegulira galasi la foni, kenako ya khadi ya kubanki, kenako chaka chimene anabadwa. Foni ikulemba kuti "Enter PUK". Poganiza kuti ndi funso lomwe lija, akuyesanso kawiri, ndipo foni ikusonyeza kuti kwatsala maulendo 8.

Akaima pamenepo, sanataye kanthu. Akubwereka foni ya mnzake, akuimbira kampani, akuyankha mafunso, ndipo akulemba PUK papepala n'kuiwerenga mobwereza kuti wothandizayo atsimikize. Kenako akuilemba pafoni mosathamanga. Foni ikupempha PIN yatsopano, ndipo iye akusankha manambala 4, n'kuwalembanso kachiwiri. Khadi yatseguka, ndipo chowerengera chabwerera poyambira: maulendo 3 a PIN ndi 10 a PUK. PIN yakale ija yatha ntchito.

Mafoni ena, makamaka akale a mabatani, amalola kuchita zonsezi pamzere umodzi, pamalo oimbira:

```
**05*PUK*PIN*PIN#
```

Pamene palembedwa PUK pamalowa manambala 8 aja, ndipo pamene palembedwa PIN pamalowa nambala yatsopano, kawiri konse. Kulakwitsa pamzerewu kumawerengedwa chimodzimodzi.

Ngati nambala yochokera pa kapulasitiki kapena kukampani yakanidwa, yesani kamodzi kokha kuti muone ngati chala chinaphonya. Ikakanidwanso, lekani. N'kutheka kuti nambalayo ndi ya khadi ina, ndipo kuibwereza kungokuyandikizitsani ku ulendo wachikhumi. Pa nthawi yonseyi foni imathabe kuimba 112 pakagwa ngozi.

Werengani bwino zimene foni ikufunsa

Si loko lililonse limene limafuna PUK. Uthenga wakuti "SIM network unlock PIN" umatanthauza kuti foniyo inamangidwa kuti izigwira ntchito ndi kampani imodzi yokha, ndipo vuto lili m'foni, osati m'khadi. Uthenga wakuti "PUK2" umakhudza loko lina la m'khadi loyang'anira zinthu zapadera, monga mndandanda wa manambala ololedwa kuimbidwa, ndipo nambala yake ndi yosiyana. Nambala yachinsinsi ya kubanki kapena yotumizira ndalama pafoni ilibe mgwirizano uliwonse ndi zimenezi, ndipo wogwira ntchito kukampani ya mafoni alibe chifukwa choifunsira. Aliyense amene wakupezani yekha, pa WhatsApp kapena pa foni ina, n'kunena kuti akutsegulirani khadi mukamuuza manambala otere, ndi wakuba.

Khadi ikafa

Ulendo wachikhumi ukalakwika, foni imalemba mawu onga "PUK blocked" kapena "SIM card rejected". Chotsala ndi kutenga khadi yatsopano n'kusamutsirapo nambala yakale, zimene m'masitolo amazitcha "SIM swap". Mayunitsi satayika chifukwa amasungidwa kukampani, koma mayina ndi mauthenga amene anasungidwa m'khadi yakaleyo amapita nayo. Apanso kampani imafuna umboni wa umwini, ndipo imakhwimitsa kwambiri kuposa popereka PUK, popeza akuba amagwiritsa ntchito njira yomweyi pofuna kulanda mauthenga a kubanki. Pa chifukwa chomwechi, mabanki ena amayamba aimitsa zina mwa ntchito zawo pa nambala imene khadi yake yangosinthidwa kumene. Amene amatumiza ndalama kumudzi pakutha pa mwezi angachedwe nazo.

Ena akapulumuka amachotseratu PIN kuti zisadzachitikenso. Kutero kumatsegula khomo lina: foni ikabedwa, wakuba amangochotsa khadi, n'kuiika m'foni yake, n'kuyamba kulandira mauthenga onse obwera pa nambalayo. Chanzeru ndi kusunga PIN imene mungaikumbuke, kulemba PUK papepala losungidwa pamodzi ndi pasipoti, osati m'foni kapena kuseri kwa chikuto chake, ndiponso kufunsa kusitolo, khadi ikadali yotseguka, kuti nambala yanu inalembetsedwa m'dzina la ndani.