CHIPERE CHA KUMUTU SICHIMVA MANKHWALA OPAKA

M'midzi ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, ana a banja limodzi kaŵirikaŵiri amametedwa ndi lumo limodzi, napesa ndi chipeso chimodzi. Umu ndi m'mene chipere chimayendera. Gwero lake si njoka zam'mimba ayi, koma tizilombo ta mtundu wa chuku timene timadya khungu lapamwamba ndi tsitsi. Timatsalira pa lumo, pa chipewa ndi pa mphasa, ndipo mphaka, galu kapena thole lothothoka ubweya lingathenso kupatsira mwana.

Pathupi chipere chimayabwa, chimakula mozungulira, m'mphepete muli motukuka pamene pakati pakuoneka ngati papola. Chotere chimatha ndi mankhwala opaka kaŵiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4.

Cha kumutu nchouma khosi. Tizilombo timaloŵa m'kati mwa tsitsi lenilenilo, momwe mankhwala opaka safikamo, choncho tsitsi limaduka nkusiya kadazi kotuwa. Mwana wotere ayenera kumwa mapiritsi a giriseofuluvini ochokera kuchipatala kwa masabata 6 mpaka 8. Makolo ambiri amaleketsa tsitsi likangoyamba kumera, ndipo chipere chimabwerera. Abale ake ogona naye mphasa imodzi apimidwenso tsiku lomwelo.