Onse ali ndi hepataitisi B, nanga bwanji mmodzi yekha ndiye wapatsidwa mankhwala?

Kuno kwathu tinazolowera kuti munthu akapezeka ndi HIV amayamba kumwa mankhwala nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ambiri amadabwa akamva kuti m'magazi mwawo muli kachilombo ka hepataitisi B, kenako dokotala n'kuwauza kuti abwerere kunyumba, adzabwerenso pakatha miyezi ingapo. Ena amaganiza kuti mankhwala atha, ena amati achipatala akuwanyalanyaza. Ndikufuna tione chimene chimachititsa kuti wina apatsidwe mankhwala pomwe mnzake akungoyezedwa, chifukwa munthu amene sakumvetsa zimenezi ndi amene amasiya kupita kuchipatala.

Poyamba tidziwe kuti kachilomboka pakokha sikaononga kwambiri chiwindi. Kamalowa m'maselo a chiwindi n'kumaberekana mmenemo. Chimene chimaononga ndi nkhondo imene chitetezo cha m'thupi chimayambitsa pofuna kupha maselo amene muli kachilomboko. Nkhondoyo ikapitirira kwa zaka, m'chiwindi mumatsala zipsera, chiwindi chimauma, ndipo khansa imatha kuyamba. Choncho dokotala safunsa chabe kuti kachilombo kalipo kapena ayi. Amafunsa kuti pakadali pano nkhondo ili mkati kodi, nanga yasiya zipsera zochuluka bwanji?

Matendawa amatchedwa okhalitsa ngati chizindikiro cholembedwa kuti HBsAg papepala la zotsatira chikupezekabe m'magazi patatha miyezi 6. Msinkhu umene munthu anatengera kachilomboka ndi nkhani yaikulu. Mwa makanda 10 amene akatenga pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, pomwe mwa akuluakulu 100 amene akatenga atakula, osakwana 5 ndi amene amakhala nako. Ndiye mukapezeka nako muli ndi zaka 35, musafulumire kuloza chala amuna anu kapena akazi anu. Nthawi zambiri kanalowa muli mwana.

Mwa munthu amene anakatenga ali wamng'ono, matendawa amadutsa m'magawo anayi. M'gawo loyamba thupi limakhala ngati silikukaona kachilomboko. Kamachuluka kufika mamiliyoni m'kadontho ka magazi, koma chiwindi chimakhala pamtendere. M'gawo lachiwiri chitetezo chimadzuka n'kuyamba kumenyana nako, ndipo apa ndi pamene maselo amafa ambiri. Timadziwa zimenezi poyeza ALT, chinthu chimene chimakhala m'maselo a chiwindi ndipo chimatayikira m'magazi maselowo akaphulika. M'gawo lachitatu thupi limakhala lapambana pang'ono: kachilombo kamachepa kwambiri, ALT imatsika, ndipo munthu atha kukhala chonchi zaka zambiri. M'gawo lachinayi, limene si onse amafikako, kachilombo kamasintha pang'ono n'kuyambanso kuchuluka, nkhondo n'kuyambiranso, nthawi zambiri munthu atapitirira zaka 30.

Vuto lake n'lakuti magawowa samveka m'thupi. Munthu wa m'gawo lachitatu ndi wa m'gawo lachinayi onse amadzuka, kupita kumunda kapena kuntchito, osamva kalikonse. Maso achikasu, kutupa mimba ndi kusanza magazi zimabwera chiwindi chitaonongeka kale. Komanso m'gawo lachinayi ALT imakwera n'kutsika, moti kuyeza kamodzi kokha kutha kukunamizani kuti zonse zili bwino.

Nanga bwanji osangopereka mankhwala kwa aliyense? Mankhwala odalirika, tenofoviya ndi entekaviya, amaletsa kachilombo kuberekana koma sakachotsa. Kamasiya mbewu yake mkatikati mwa maselo a chiwindi, kumene mankhwala safikako. N'chifukwa chake ambiri akayamba amamwa piritsi limodzi tsiku lililonse kwa moyo wonse, ndipo kusiya mwadzidzidzi kutha kudzutsa nkhondo yoopsa kuposa ya poyamba. Tenofoviya amafunanso kuti impso ziziyezedwa. Kwa munthu amene chiwindi chake chili phee ndipo kachilombo n'kochepa, phindu lake ndi laling'ono poyerekeza ndi mtolowo. Koma kwa amene chiwindi chikuonongeka, mankhwalawa amaimitsa zipsera, amatha kuzichepetsa, ndipo amatsitsa chiopsezo cha khansa.

Mu 2024 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafewetsa malamulo ake a mu 2015 kuti anthu ambiri azilandira mankhwala. Tsopano chimodzi mwa zinthu zinayi ndi chokwanira. Choyamba ndi zipsera zochuluka m'chiwindi. Chachiwiri ndi kachilombo kopitirira 2,000 pa muyezo wa HBV DNA pamodzi ndi ALT yokwera, kutanthauza kupitirira 30 kwa amuna kapena 19 kwa akazi. Chachitatu ndi zinthu zina zoonjezera chiopsezo, monga HIV, matenda a shuga, mankhwala ofooketsa chitetezo, kapena wachibale amene anadwala khansa ya chiwindi kaya kuuma kwa chiwindi. Chachinayi n'chothandiza kumene kulibe makina oyezera kuchuluka kwa kachilombo: ALT ikapezeka yokwera kawiri m'miyezi 6 mpaka 12.

Zipsera zitha kuyerekezedwa popanda makina odula, pogwiritsa ntchito zotsatira ziwiri za magazi: AST, yomwe ndi inzake ya ALT, ndi mapulatileti, timaselo tothandiza magazi kuundana timene timachepa chiwindi chikamauma. Masamu ake ndi awa:

```
APRI = (AST / 40) x 100 / PLT
```

Yankho likapitirira 0.5, munthu ayenera kuyamba mankhwala, ndipo likapitirira 1 madokotala amakayikira kuti chiwindi chauma kale.

Tiyerekeze mlongo wa zaka 34 ndi mchimwene wake wa zaka 38, obadwa kwa mayi mmodzi, onse apezeka ndi HBsAg. Mlongoyo AST yake ndi 24, mapulatileti 250. Tikagawa 24 ndi 40 tipeza 0.6, kuchulukitsa ndi 100 ndi 60, kugawa ndi 250 ndi 0.24. ALT yake ndi 16, kachilombo 600. Ameneyu akuoneka kuti ali m'gawo lachitatu, sakufunika mankhwala lero. Mchimweneyo AST yake ndi 48, mapulatileti 160, ndiye yankho lake ndi 0.75. ALT yake ndi 55, kachilombo 15,000. Iyeyu akulowa pa zifukwa ziwiri, ngakhale akuti sakumva kupweteka paliponse. Koma taonani: zitakhala kuti mayi awo anamwalira ndi khansa ya chiwindi, mlongoyonso akuyenera mankhwala ngakhale magazi ake ali bwino. Choncho dokotala akakufunsani za abale, musabise.

Mlongoyo akakhala ndi pakati, funso limasintha. Mayi amene kachilombo kake kafika 200,000, kapena amene ali ndi chizindikiro cha HBeAg, amapatsidwa tenofoviya pofuna kuteteza mwana, ngakhale chiwindi chake chili bwino. Katemera wa hepataitisi B analowa m'gulu la akatemera a ana ku Malawi mu 2002, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, koma mwana wa mayi amene ali ndi kachilomboka amatetezeka bwino akabayidwa katemera m'maola 24 oyamba atabadwa. Funsani za zimenezi kusikelo nthawi isanakwane.

Amene ali ndi HIV ndi hepataitisi B pamodzi adziwe kuti mankhwala a HIV amene ambiri akumwa kuno muli kale tenofoviya. Kuwadumphadumpha ndiye kuika chiwindi pamoto.

Ngati mwauzidwa kuti simukufunika mankhwala panopa, tanthauzo lake si lakuti mwachira. Pitani mukayezetse magazi kosachepera kamodzi pachaka, sungani mapepala onse a zotsatira kuti dokotala azitha kufananitsa, siyani mowa, ndipo a m'nyumba mwanu akayezetse, amene alibe kachilomboka abayitse katemera.