Uthenga wa Disembala wa ogulitsa zipangizo zaulimi ku Dedza

Disembala akafika pakati, mafoni a alimi a ku Bembeke, Linthipe, Lobi ndi Mayani amayamba kulira ndi mauthenga ochokera kwa ogulitsa zipangizo zaulimi. Ena amabwera pa WhatsApp, ena pa SMS, ndipo ena amalembedwa ndi choko pa bolodi loyedzamira khomo la sitolo. Mauthenga ambiri amafanana. Amathokoza makasitomala chifukwa cha chaka chomwe chikutha, amawafunira Khirisimasi yabwino, kenako amalonjeza kuti chaka chamawa zinthu zidzatsika mtengo.

Vuto n'lakuti kwa mlimi wa m'mapiri a Dedza chaka sichitha pa 31 Disembala. Nthawi imeneyi chimanga chamera kumene, kupalira kuli mkati, ndipo mtima uli pa feteleza wobereketsa yemwe amathiridwa pakatha masabata atatu kapena anayi chimanga chimerereni. Wolima mbatata ya kachewere naye ali tcheru ndi nkhungu. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira ndi chinyontho cha Januwale ndi Febuluwale ndi nyengo imene chiwawu chimakonda. Masamba amachita mawanga akuda ngati awauka ndi moto, ndipo munda wonse utha kupserera m'masiku ochepa.

Choncho wogulitsa wodziwa ntchito amalemba uthenga wake motsatira kalendala ya kumunda. Poyamba amanena zomwe zili m'sitolo lero: Urea alipo matumba angati, mankhwala a chiwawu monga Dithane ndi Ridomil alipo m'mapaketi a mlingo wanji. Amakumbutsanso kuti Dithane ndi woteteza, amapoperedwa matenda asanalowe, chifukwa mlimi amene wagula masamba atada kale amabwerera n'kunena kuti anamugulitsa mankhwala osagwira. Zikatero amatchula za nyengo ikubwerayo, yomwe kuno ndi ya kudimba. Mvula ikamatha mu Epulo, anthu amatsikira m'madambo kukabzala kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba, zomwe pambuyo pake zimadzaza misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 monga Chimbiya ndi Lizulu.

Gawo lobwereza za chaka chathachi ndi limene ambiri amalilemba mwachizolowezi chabe, pomwe ndi limene lili ndi phindu. Gwero lake ndi buku la katundu. M'bukumo muli mbewu yomwe inatha msanga, sabata yomwe feteleza anasowa, ndi katundu amene anthu anabweza. Chaka cha 2024 ndi chitsanzo chabwino. Ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo wogulitsa aliyense anali ndi nkhani yoti afotokoze: kodi mbewu yocha msanga monga Kanyani inayenda bwanji poyerekeza ndi yochedwa monga Njovu, nanga chaka chino waitanitsa yochuluka iti? Mlimi akamva kuti mwini sitolo akuvomereza kuti mbewu yomwe ankaifuna inatha mvula isanagwe, ndipo tsopano idzafika mu Okutobala, amadziwa tsiku lokonzera ndalama.

Pamene pamagwa ambiri ndi pa lonjezo la mtengo. Kumayambiriro kwa Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mu Meyi 2022 kwacha inali itagwanso ndi 25 peresenti. Popeza feteleza ndi mankhwala ambiri zimachokera kunja, mtengo wopikulira umasintha katundu wakale asanathe pa shelefu.

Tiyerekeze sitolo ina pa Bembeke, ndi manambala ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Mwini wake wapikula thumba la makilogalamu 50 pa K100,000 ndipo amagulitsa pa K110,000. Mu uthenga wa Disembala walemba kuti makasitomala akale adzagula pa K105,000 nyengo ya dimba, osatchula tsiku lothera kapena kuchuluka kwa matumba. Pofika Epulo mtengo wopikulira wakwera ndi 10 peresenti, wafika pa K110,000. Akasunga lonjezo, thumba lililonse latsopano limudyera K5,000, osawerengera ya galimoto yochokera ku Lilongwe, ndipo pa matumba 40 wataya K200,000. Akaliphwanya, uthenga uja ukadali m'foni ya mlimi, ndipo mlimiyo adzauonetsa pa kauntala anthu ali pa mzere. Nkhani zotere zikakula zimatha kufika ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula pa malonda osocheretsa.

Sitolo yomweyo ikanapulumuka ndi mawu ochepa. Ikanalemba kuti mtengo wa K105,000 ndi wa matumba 40 omwe ali kale m'nyumba yosungira katundu, kuti munthu mmodzi asapitirire matumba awiri, ndiponso kuti mwayiwu utha pa 31 Januwale kapena matumbawo akatha. Apa mwini sitolo akulonjeza katundu yemwe analipira kale, ndipo phindu la K5,000 pa thumba ndi lodziwika. Za Epulo angalonjeze zomwe zili m'manja mwake, monga kuchotsera K3,000 pa mtengo wa tsikulo, kapena kupereka katundu pa njinga yamoto mpaka pamudzi kwa kalabu yogula pamodzi.

Chimodzimodzi ndi malonda olipira pang'onopang'ono, omwe amakopa alimi amene amapeza ndalama akakumba kachewere. Uthenga uyenera kunena ngati ndalama yoyamba ikumanga mtengo kapena ikungosungitsa thumba, ndipo lisiti lililonse lionetse zotsala. Mikangano yambiri ya pa kauntala imayambira pamenepa.

Palinso za ndondomeko ya boma ya zipangizo zotsika mtengo, monga AIP yomwe inayamba mu 2020. Mlimi amene ali pa mndandanda amadikira kaye feteleza wa boma, ndipo akachedwa kapena akaombola mtundu umodzi wokha, amathamangira ku sitolo kukagula wa pa sikelo, makilogalamu asanu kapena khumi. Uthenga wotchula mtengo wa thumba lathunthu lokha umamudumpha munthu ameneyu, pomwe m'midzi yambiri ndiye wogula wa tsiku ndi tsiku.

Katumizidwe nako kali ndi misampha yake. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukangolowa chilembo ngati ŵ kapena kachithunzi koseka, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga womwe unali umodzi umalipiridwa ngati atatu. Pa WhatsApp, mawu ojambula a mphindi imodzi amafika kwa amene kuwerenga kumawavuta, ndipo amathandizanso makasitomala a ku Angonia, tsidya la Mozambique, omwe amamva Chichewa koma sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi. Zokumbutsa ngongole sizilowa mu uthenga wa pagulu. Wangongole amaimbiridwa payekha, chifukwa amene wachititsidwa manyazi pa gulu amasamukira ku sitolo yoyandikana nayo, ngongole ili chikhalire.

Ngati uthenga wagwira ntchito, umboni umapezeka m'buku lomwe lija. Wogulitsa amalemba chizindikiro pa dzina la aliyense amene wabwera n'kutchula za uthengawo, ndipo pa 31 Januwale amawerenga kuti mwa matumba 40 aja atuluka angati, kwa anthu a midzi iti. Nambala imeneyo ndiyo imamuuza kuchuluka kwa mbewu ya kabichi, anyezi ndi mankhwala oti apikule dimba lisanayambe.