Ndalama za pa YouTube: Chipata Chili Pati?

Kuika kanema pa YouTube n'kwaulere, koma kulipidwa kuli ndi chipata chake. Wofuna gawo la ndalama za otsatsa malonda ayenera kupeza anthu 1,000 olembetsa kutchanelo chake, ndiponso maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayo. Ambiri amagwa pa maolawa: ngati aliyense aonera mphindi 6, pafunika kuonera kokwana 40,000.

Akalandiridwa, pa madola 100 aliwonse a malonda iye amatenga 55, YouTube 45.

Ndalamazo zimadzera ku AdSense. Dzina ndi adiresi zikhale zolondola, chifukwa Google imatumiza nambala yachinsinsi papositi, ndipo kalata ikasochera malipiro amaima. Zimatuluka zikakwana madola 100. Zikaperewera, zimadikira mwezi wotsatira.