Madzi anawira, madzi amawira: nthawi za aneni mu lipoti la kulabotale

Wophunzira sayansi aliyense, wa kusekondale kapena wa kuyunivesite, akamaliza ntchito ya m'labotale amayenera kulemba lipoti. Ambiri amasamala kwambiri manambala, koma nthawi za aneni sazilabadira kwenikweni. Chikhalirecho nthawi ya mneni ndi imene imauza wowerenga ngati mawu akunena zimene zinachitika tsiku limodzi patebulo limodzi, kapena zimene zili zoona kulikonse ndi nthawi zonse. Lamulo lake ndi lalifupi: zimene munachita ndi zimene munaona zilembeni m'nthawi yakale, pomwe mfundo zimene akatswiri anatsimikiza kale zilembeni m'nthawi yatsopano. M'sukulu zathu malipoti amenewa amalembedwa m'Chingerezi, koma ganizo lake silisintha ndi chiyankhulo. M'Chichewa limaoneka bwino kwambiri, chifukwa kusiyana konse kwagona pa kaphatikizo kamodzi ka m'kati mwa mneni: -na- kapena -ma-.

Tiyerekeze kuti ophunzira a Folomu 3 ku Lilongwe apatsidwa ntchito yopeza kutentha kumene madzi amawirira. Pepala la aphunzitsi lili ndi malangizo: thirani madzi mamililita 200 m'bika, ikani pamoto, werengani themomita mphindi iliyonse. Apa m'pamene cholakwika choyamba chimabadwira. Wophunzira waulesi amangokopera malangizowo n'kuwaika mu lipoti mmene alili. Koma malangizo amanena zoyenera kuchitika, pomwe lipoti limanena zimene zinachitikadi, ndipo ziwirizi sizifanana nthawi zonse. Mwina pepala linati mugwiritse ntchito madzi otchezedwa, koma anali atatha ndipo munatunga apampopi. Mukalemba m'nthawi yakale mumakakamizika kukumbukira zenizeni: "Tinathira madzi apampopi mamililita 200 m'bika. Tinapachika themomita kuti nsonga yake imire m'madzi koma isakhudze pansi pa bika. Tinkawerenga kutentha mphindi iliyonse mpaka nambala inasiya kukwera. Tinabwereza ntchitoyi katatu."

Taonani mneni uja wakuti "tinkawerenga". Poyankhula, ambiri timati "timawerenga" ngakhale tikunena za dzulo, ndipo womvera amazindikira kuti n'zakale chifukwa cha kukweza ndi kutsitsa kwa mawu. Papepala kamvekedwe kameneko kulibe. Wowerenga angaganize kuti mukufotokoza chizolowezi cha masiku onse. Choncho chinthu chikakhala kuti chinachitika mobwerezabwereza pa tsiku la ntchitoyo, -nka- ndi amene amachotsa chikayiko.

Zotsatira nazo ndi mbiri ya zimene zinachitika, motero zimakhala m'nthawi yakale. Tinene kuti ophunzira athu anapeza madigiri 96.0, kenako 96.5, kenakonso 96.5. Alembe kuti: "Madzi anawira pa madigiri 96.3 tikatenga pakatikati pa miyeso itatuyi." Mawu amenewa ndi oona ndipo palibe angawatsutse, chifukwa akungochitira umboni zimene maso anaona.

Koma buku la sayansi limati madzi oyera amawira pa madigiri 100 pamene mpweya ukukanikiza ndi mphamvu ya pagombe la nyanja yamchere, yomwe ndi 101.3 kPa. Iyi ndi mfundo yotsimikizika. Inali yoona ophunzirawa asanabadwe ndipo idzakhalabe yoona mawa, n'chifukwa chake imatenga -ma-. Malo ake ndi m'mawu oyamba a lipoti, mmene mumafotokoza zimene zikudziwika kale.

Tsopano onani zimene zimachitika nthawi ziwirizi zikasinthana malo. Wophunzira wina akalemba m'zotsatira kuti "madzi amawira pa madigiri 96.3", ndiye kuti wasandutsa miyeso itatu ya m'kalasi imodzi kukhala lamulo la chilengedwe chonse. Mnzake wa ku Nsanje, kumene dziko ndi lotsika kwambiri, adzapeza nambala yoyandikira 100 ndipo adzati uyu wanama. Wina, poopa kuti nambala yake yasiyana ndi ya m'buku, akalemba kuti "madzi anawira pa madigiri 100", wachita choipa choposa: wanena kuti anaona zimene sanaone. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amazindikira msanga, pakuti ku Lilongwe madzi a m'bika yosavundikira sangafike pamenepo.

Gawo lokambirana zotsatira ndi limene nthawi ziwirizi zimakumanamo, nthawi zina m'chiganizo chimodzi, ndipo ndi pamene luso la wolemba limaonekera. Ophunzira athu angalembe motere: "Madzi athu anawira pa madigiri 96.3, osati 100. Izi sizodabwitsa, chifukwa Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo munthu akamakwera mpweya umakanikiza mochepa, motero madzi amawira asanatenthe kwambiri. Kutentha kowirira kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse, choncho tinayembekezera madigiri 96.5, ndipo tinapeza nambala yoyandikira pamenepo." Werenganinso ndimeyi mukuyang'ana aneni okha. "Anawira", "tinayembekezera" ndi "tinapeza" ndi a ophunzirawo. "Umakanikiza", "amawira" ndi "kumatsika" ndi a sayansi yonse. Popanda kuuzidwa, wowerenga wadziwa kuti ndi ziti zimene angazifufuze m'buku, ndi ziti zimene angazitsimikize pokhapokha atabwereza yekha ntchitoyo.

Lamuloli lili ndi malire ake amene ndi bwino kuwadziwa. Mukamalozera wowerenga ku tebulo la manambala kapena galafu imene ili mu lipoti lomwelo, gwiritsani ntchito nthawi yatsopano: "Tebulo 1 likusonyeza kutentha kwa mphindi iliyonse." Tebulolo lili pamaso pa wowerenga pa nthawi imene akuwerengayo, silinathe ndi tsiku la ntchito. Komanso mukatchula katswiri wakale, zochita zake ndi mbiri. Mudzalemba kuti Anders Celsius wa ku Sweden anakonza muyeso wake wa kutentha mu 1742, ndipo anaona kuti kuwira kwa madzi kumasintha ndi kukanikiza kwa mpweya. Kuona kwake kunachitika kamodzi, n'chifukwa chake tati "anaona", koma zimene anaonazo zikadali choncho mpaka lero, n'chifukwa chake tati "kumasintha".

Malire ena ndi okhudza mfundo yanu yomaliza. Ntchito ya tsiku limodzi, ndi themomita imodzi ya kusukulu yomwe ingathe kuphonya ndi theka la digiri kapena kuposa, siipatsa munthu mphamvu zolengeza lamulo latsopano. Ngati zimene mwapeza zikugwirizana ndi zodziwika kale, nenani kuti zikugwirizana. Ngati zikusiyana, zisungeni m'nthawi yakale ndipo fotokozani chimene mukuganiza kuti chinachititsa.

Musanapereke lipoti kwa aphunzitsi, tengani pensulo ndipo mudule mzere kunsi kwa mneni aliyense. Pa mneni aliyenseyo dzifunseni kuti: kodi munthu wina, ku malo ena, chaka chamawa, angapeze kuti mawu awa ndi oonabe popanda kudalira zimene ine ndinachita? Yankho likakhala inde, nthawi yatsopano ndi yoyenera. Likakhala ayi, chifukwa zinadalira manja anu, zipangizo zanu ndi tsiku limenelo, lembani m'nthawi yakale. Mukatero wowerenga sadzasokoneza umboni wanu ndi mfundo za m'buku, ndipo adzakhulupirira zimene mwalemba.