Chiwongoladzanja Chikayamba Kubereka Chinzake

Anthu awiri atha kusunga ndalama zofanana ku banki imodzi, pa chiwongoladzanja chofanana, koma patapita zaka 20 wina n'kupezeka ali ndi ndalama zoposa kawiri za mnzake. Palibe wabera mnzake, ndipo banki sinakondere. Nkhani yagona pa zimene aliyense amachita ndi chiwongoladzanja chake chaka chikatha.

Tiyerekeze kuti aliyense waika K100,000, ndipo banki ikupereka 10 peresenti pachaka. Woyamba amati chaka chikatha, n'kukatapa K10,000 yake, mpamba n'kuusiya. Chaka chachiwiri alandiranso K10,000, chachitatu chimodzimodzi, chifukwa banki ikuwerengera pa K100,000 yomwe ija. Tikaphatikiza mpamba ndi zonse zimene walandira, pa zaka 10 akhala atagwira K200,000, ndipo pa zaka 20, K300,000.

Wachiwiri satapa kanthu. Chaka choyamba chikatha ali ndi K110,000, ndipo chaka chachiwiri 10 peresenti ikuwerengedwa pa ndalama yonseyi, kotero alandira K11,000. Tsopano ali ndi K121,000. Chaka chachitatu zifika K133,100. Zili ngati woweta mbuzi amene sagulitsa ana ake aakazi: anawo akakula amaswanso, pomwe mnzake wogulitsa mwana aliyense amangokhala ndi make yemweyo m'khola.

Chimene chimagwetsa anthu mphwayi n'chakuti poyamba kusiyana kwake sikuoneka. Pa zaka ziwiri akusiyana ndi K1,000 yokha, ndalama yongothera pa minibasi. Pa zaka zisanu wachiwiri ali ndi K161,051 pomwe woyamba wagwira K150,000. Apabe munthu akhoza kunena kuti si zodikirira. Koma pa zaka 10 wachiwiri wafika pa K259,374, ndipo pa zaka 20 ali ndi pafupifupi K672,750. M'chaka cha 20 chokhacho chiwongoladzanja chake chikuposa K61,000, mnzake akadali pa K10,000. Phindu lalikulu lili kumapeto, ndiye wotapa msanga amachoka phwando lisanayambe n'komwe.

Mutha kudziwerengera nokha pa foni. Lembani 100000, muchulukitse ndi 1.1 kamodzi pa chaka chilichonse. Ngati chiwongoladzanja ndi 8 peresenti, chulukitsani ndi 1.08. Palinso njira yachidule yodziwira nthawi imene ndalama idzawirikize kawiri: gawani 72 ndi peresenti yanu. Pa 10 peresenti yankho ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi miyezi ingapo, pomwe wotapa uja amafunika zaka 10 zathunthu.

Nanga ku banki mungadziwe bwanji kuti muli mbali iti? Pa akaunti ya fikisidi, imene mumatsekera ndalama kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka, nthawi ikakwana pamakhala zosankha. Mutha kutsekeranso mpamba wokha, chiwongoladzanja n'kupita ku akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku kumene chimatha osachiona. Mwinanso mutha kutsekera zonse pamodzi. Ambiri amasaina fomu osafunsa. Onani sitetimenti yanu: ngati peresenti sinasinthe koma chiwongoladzanja chikubwera chofanana ulendo uliwonse, ndiye kuti sichikubereka. Funsaninso za msonkho ndi ndalama zimene banki imadula, pakuti chimabereka n'chokhacho chimene chatsala mu akaunti. A banki mkhonde nawonso aganizepo. Ndalama zimakula bwino chaka chonse chifukwa zobwezedwa zimakongozedwanso, koma mukagawana mu Disembala n'kudya zonse, Januwale mumayambira pansi.

Pali chinthu china chowawa chimene sitingachibise. Mitengo ya zinthu nayonso imakwera mwa njira yomweyi, kukwera kwa chaka chino kumasanjikana pa kwa chaka chatha. Kuno ku Malawi taona kukwera kopitirira 20 peresenti pachaka m'zaka zaposachedwapa, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tiyerekeze kuti mitengo ikukwera ndi 25 peresenti chaka chilichonse. Katundu wa K100,000 lero, pa zaka zisanu adzagulidwa pa mtengo woposa K305,000, inu muli ndi K161,051 ija. Manambala mu akaunti akula, koma zimene mungagule zatsika pafupifupi ndi theka. Wotapa chiwongoladzanja uja ndiye watsalira kwambiri.

Choncho musanatsekere ndalama, afunseni a ku banki mafunso awiri: kodi chiwongoladzanja chidzaphatikizidwa pa mpamba nthawi ikakwana, nanga chotsala akadula msonkho ndi maperesenti angati? Yankho lachiwirilo muliyerekeze ndi mmene mitengo ikukwerera pamsika musanasaine.