Musanakumbe mayenje a khofi, werengani ndalama ndi zaka zomwe

Kumapiri a Phoka ndi Mphompha, m'boma la Rumphi, khofi si mbewu yachilendo. Alimi ang'onoang'ono ankalima pansi pa bungwe la Smallholder Coffee Authority lomwe boma linakhazikitsa mu 1971, ndipo kuyambira 2007 amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Koma funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndikamayendera alimi ndi limodzi: kodi ndikathira ndalama m'munda wa khofi, zidzabwerera?

Fodya wa ku Bolero kapena kuchigwa cha Henga savuta kuwerengera, chifukwa umalowetsa ndalama ndi kugulitsa m'nyengo imodzi. Khofi ndi wina. Amadya ndalama zaka zingapo asanabereke, ndipo akayamba kubereka sabereka mofanana: chaka chimene wabereka kwambiri chimatsatiridwa ndi chaka chopumula. Pali njira zitatu zoyezera ntchito yotere, ndipo iliyonse imayankha funso lake.

Tiyeni titenge munda wongoyerekeza. Manambala awa ndi anga ophunzitsira chabe, inu muikepo anu. Onse ali pa mitengo ya lero, ndipo zolowa ndi zimene zatsala mutachotsa feteleza, mankhwala ndi aganyu othyola.

Chaka chobzala: zatuluka K1,000,000
Chaka 1: zatuluka K200,000
Chaka 2: zatuluka K200,000
Chaka 3: zalowa K400,000
Chaka 4: zalowa K900,000
Chaka 5: zalowa K600,000
Chaka 6: zalowa K1,100,000
Chaka 7: zalowa K700,000

Njira yoyamba ndi kuwerenga nthawi imene mpamba ubwerere. Zotuluka zonse ndi K1,400,000. Pakutha pa chaka chachitatu dzenje latsala K1,000,000, pakutha pa chachinayi latsala K100,000, ndipo likukwiririka m'chaka chachisanu. Yankho limeneli nlofunika, chifukwa likukuuzani kuti kwa zaka zisanu banja liyenera kudalira chimanga, nyemba kapena nthochi pa chakudya ndi fizi. Koma njira iyi ili ndi khungu pawiri. Siona ndalama zobwera mpamba utabwerera kale, ndiponso imayesa kwacha ya chaka chachisanu ngati yofanana ndi kwacha imene ili m'thumba lero.

Sizifanana, ngakhale mitengo ya zinthu itapanda kukwera. Tinene kuti K100,000 mukaiika pa geni ya nyemba kapena pa mbuzi imasanduka K120,000 pakutha pa chaka. Ndiye kuti munthu wokulonjezani K120,000 chaka chamawa wakulonjezani K100,000 ya lero. Apa ndi pamene pagona njira yachiwiri, imene m'mapepala a mabanki ndi mabungwe imalembedwa kuti NPV. Tanthauzo lake ndi phindu lonse la ntchito litabwezedwa pa mtengo wa lero.

Kawerengedwe kake kamatheka pa kakyuleta ya mufoni. Ngati ndalama yanu ikanapindula 20 peresenti kwina, gawani ndalama ya chaka chilichonse ndi 1.2, kangapo malinga ndi zaka zimene mukudikira. Ya chaka chachitatu muigawe katatu: K400,000 ikhala K231,000. Ya chaka chachinayi kanayi: K900,000 ikhala K434,000. Mukapitiriza choncho, zaka zitatu zotsalazo zikupatsani K241,000, K368,000 ndi K195,000. Zonse pamodzi ndi K1,469,000. Zotuluka nazonso muzigawe chimodzimodzi, kupatula za chaka chobzala: K1,000,000, K167,000 ndi K139,000, zomwe zikukwana K1,306,000.

Mukachotsera, patsala K163,000. Taonani kusiyana kwake. Wongophatikiza manambala osaganizira zaka akanati munda wapindula K2,300,000. Zoona zake nzakuti mundawu waposa geni ya nyemba ija ndi K163,000 yokha ya lero. Lamulo lake ndi ili: yankho likaposa ziro, ntchito ikuposa njira ina imene munali nayo, likatsika pansi pa ziro, ndalama ikanachita bwino kwinako.

Njira yachitatu, imene amailemba kuti IRR, imatembenuza funsolo. Imafunsa kuti munda wokhawo ukubereka chiwongoladzanja cha peresenti zingati pa chaka. Timaipeza poyesa. Pa 20 peresenti tapeza phindu la K163,000. Tikabwereza masamu onse pogawa ndi 1.25, kutanthauza 25 peresenti, tikupeza kuti talowa pansi ndi K83,000. Choncho malire ali pakati, ndipo mukayesa 1.23 muona kuti yankho latsala pang'ono kukhala ziro. Munda wathu ukubereka pafupifupi 23 peresenti pa chaka.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amatenga 23 ameneyu nkumuyerekeza ndi chiwongoladzanja cha kubanki. Kumbukirani kuti manambala athu ali pa mitengo ya lero, pamene chiwongoladzanja cha banki chimakhala chitaphatikiza kale kukwera mitengo kwa zinthu. Ngati ngongole ili pa 35 peresenti ndipo mitengo ikukwera ndi 25 peresenti pa chaka, gawani 1.35 ndi 1.25, mupeza 1.08, ndiye kuti mtengo weniweni wa ngongoleyo ndi 8 peresenti. Izi nzoona pokhapokha ngati mtengo wa khofi wanu ukukwera limodzi ndi zinthu zina. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kwacha ikagwa feteleza amakwera msanga, pamene ndalama ya khofi imabwera kamodzi pa chaka. Ngongole ya banki mkhonde ya 10 peresenti pa mwezi ndiye musaiyandikire nkomwe pa ntchito iyi, chifukwa pa chaka imaposa 100 peresenti, ndipo imafuna kubwezedwa mitengo isanatulutse ndi duwa lomwe.

IRR ilinso ndi chilema china: siona kukula kwa ntchito. Kadimba ka K100,000 kobereka 40 peresenti kangaoneke ngati kopambana munda wa khofi, chonsecho ndalama zimene kangabweretse pakhomo nzochepa. Mukamasankha pakati pa ntchito ziwiri pa malo amodzi, khulupirirani NPV.

Pomaliza, yesani masamu anu ndi chaka choipa. Tinene kuti chiwawu cha masamba, mbozi zoboola tsinde kapena kutsika kwa mtengo zachepetsa zolowa zonse ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. K1,469,000 ija itsika kufika pa K1,175,000, ndipo phindu la K163,000 lisanduka kuluza pafupifupi K130,000. Ntchito imene ikugwa ndi kamphepo kotere njofunika kuikonza musanaiyambe. Chimene chimathandiza kwambiri ndi ndalama za zaka zoyambirira, popeza ndizo zolemera pa sikelo iyi: nyemba pakati pa mizere khofi akadali wamng'ono, manyowa a pakhomo, ndi mbande zabwino zosafuna kupakiza.

Kumbali ina, ine ndaimira pa chaka chachisanu ndi chiwiri, pamene khofi wosamalidwa bwino amabereka zaka zambiri kuposa apo. Mukawonjezera zakazo phindu likwera, koma lembaninso chaka chimene mudzadule mitengo kuti iphukirenso, chifukwa chaka chimenecho zokolola zimachepa. Musaiwalenso kuika mtengo pa thukuta lanu ndi pa chimanga chimene malowo akanakupatsani. Zimenezi nzotuluka ndithu, ngakhale palibe amene amakulemberani lisiti.